Ndemanga: situdiyo ya pa boma inafananitsa majezi a timu yathu pa zithunzi

Ndimayang'anira timu ya atsikana ya mpira wamanja kuno ku Mangochi, ndipo mwezi watha tinafuna zithunzi 15: cha wosewera aliyense payekha, 14, ndi chimodzi cha gulu lonse. Vuto linali majezi. Asanu ndi atatu ndi akale, osuluka ndi dzuwa ndi sopo. Anayi ndi atsopano, buluu wake wowala mwakuti ukawaika pamodzi ndi akalewo ungati ndi matimu awiri. Atsikana awiri analibiretu jezi, wina anabwera ndi malaya oyera, wina akuda. Tinapita kwa mnyamata wina amene ali ndi situdiyo pa boma, ndipo ndinakhala naye pa kompyuta masana onse, choncho zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso.

Tinajambulira m'mbali mwa Shire, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa ine. Dzuwa litakula ndinauza atsikana asanu ndi mmodzi otsalawo kuti akaime pansi pa mtengo wa mango. Pa kompyuta majezi a mumthunziwo anatuluka mtundu wina, nkhope nazo zikuoneka zozizira, zopita kobiriwira. Ndinafunsa kuti, "Achimwene, simungangokonza chimodzi n'kukopera kwa onse?" Anayankha kuti, "Mayi, kukoperako n'kotheka, koma kumagwira pokhapokha kuwala kukhale kofanana."

Mu Lightroom Classic, pulogalamu yokonzera zithunzi, anagawa zithunzi m'magulu awiri, za padzuwa ndi za mumthunzi. Pojambula anali atagwiritsa mtsikana woyamba wa gulu lililonse kakhadi kotuwa, ine n'kumadabwa kuti n'kachiyani. Anadina kakhadiko ndi White Balance Selector, kachida kowongolera mtundu wa kuwala, ndipo Temp, nambala yoyezera mtunduwo, ya padzuwa inakhala cha m'ma 5400, ya mumthunzi cha m'ma 6900. Kenako anasankha zithunzi za gulu limodzi n'kudina Sync, atachonga White Balance yokha, kuti kukonzako kukopereke pa zonse. Jezi sanalikhudze mpaka kuwala kutakhala bwino, chifukwa ukayamba ndi jezi umakhala ukukonza mtundu umene mthunzi wabweretsa, osati wa nsaluyo.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anasamalira mtsinje. Anayamba wandionetsa njira yachidule: kukankha Blue mu Color Mixer. Majezi akale anadzukadi, koma madzi a Shire ndi thambo kumbuyoko zinasanduka buluu wa penti. Anabweza, n'kupita ku Masking, People, n'kuchonga Clothes, kuti kusinthako kugwere pa zovala zokha. M'menemo anakweza Saturation ya majezi akale, n'kutsitsa pang'ono Exposure, popeza nsalu yosuluka imataya mtundu komanso imayera. Jezi limodzi latsopano ndilo linali muyeso. Ankaika kalozera pachifuwa pa jezi, pamalo opanda makwinya, n'kuwerenga manambala a R, G ndi B pansi pa Histogram, kenako n'kufanizira ndi a majezi akale mpaka atayandikana. Anati maso amanama ukayang'anitsitsa buluu kwa ola lathunthu.

Atakopera maskiwo kwa ena onse a majezi akale, pulogalamuyo inadzipezera yokha zovala za munthu aliyense, koma sinakhoze ponse. Kwa mtsikana mmodzi inatenganso hijabu yake, imene inali yobiriwira, n'kuisintha mtundu. Kwa wina inasiya kachidutswa ka jezi pansi pa mkono. Wojambulayo anatsegula chithunzi chilichonse, n'kuchikuza, n'kukonza m'mphepetemo ndi Brush. Wojambula wothamangira ndalama akanangodina Sync n'kutipatsa choncho.

Pa malaya oyera ndi akuda ndi pamene ntchito inafika pa malire ake. Nsalu yoyera ilibe mtundu woti uwusunthe, ndiye anapita nacho ku Photoshop n'kupaka buluuyo ndi Hue/Saturation atachonga Colorize, n'kutsitsa Lightness. Chinatuluka bwino ndithu chifukwa makwinya ankaonekabe. Malaya akuda anakanika. Mumdima wa nsaluyo munalibe makwinya oti n'kuwadzutsa, ndipo jeziyo inaoneka ngati pepala lomatidwa pathupi. Sanandibisire. Anati tibwere naye mtsikanayo mawa lake nthawi yomweyo, abwereke jezi la mnzake, ndipo anamujambulanso osalipiritsa. Pa chithunzi cha gulu panalibe kuchitira mwina, malaya akudawo amaonekabe osiyana ukayang'anitsitsa, ngakhale mtsikanayo anaima mzere wakumbuyo.

Dandaulo langa ndi limodzi. Zithunzi zotsuka pa pepala zinatuluka zoderako, buluu wake wopita ku pepo, zosiyana ndi za pafoni. Sanatsukeko chimodzi choyesera tisanalipire zonse, ndipo ndinayenera kuumirira kuti zinayi zibwerezedwe. Analonjezanso masiku awiri koma tinadikira asanu, ena mwa iwo chifukwa cha kuzima kwa magetsi.

Ndikumupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo chaka chamawa tidzapitanso komweko. Koma ndidzaimika atsikana onse pamalo amodzi m'mawa dzuwa lisanakule, ndipo amene alibe jezi adzasinthana ndi mnzake pojambulitsa cha payekha.