Kabuku ka mafunso akale a masamu a mankhwala: nkabwino, koma mayankho ake muziwakayikira

Ndinagula kabukuka madola 5 kwa bambo wina wogulitsa mabuku a fotokope mumsewu kuno ku Harare, pokonzekera mayeso a unamwino. Ndakagwiritsa ntchito miyezi iwiri, nthawi zambiri mukombi pochokera ku Mufakose.

Chimene ndakakondera n'choti funso lililonse lili ndi kabokosi pambali kolembamo miyezo usanayambe kuwerengera. Poyamba ndinkakadumpha, ndinkaona ngati n'zotayitsa nthawi. Funso lina la digokisini, mankhwala a mtima, ndi limene linandisintha maganizo. Dokotala walemba 0.125 mg, koma botolo la mankhwala amadzi lalembedwa 50 mcg pa 1 ml. Ine ndinangogawa 0.125 ndi 50, n'kupeza 0.0025 ml. Mlingo umenewo palibe jakisoni amene angautunge, ndiye ndinadziwiratu kuti ndaphonya penapake. Ndinali nditasakaniza mamiligalamu ndi mamaikulogalamu. Miligalamu imodzi ndi mamaikulogalamu 1,000, choncho 0.125 mg ndi 125 mcg. Ukagawa zimene dokotala akufuna ndi zimene zili m'botolo, 125 ndi 50, n'kuchulukitsa ndi 1 ml, umapeza 2.5 ml.

Koma nditatsegula kumapeto kumene kuli mayankho, ndinapeza 25 ml. Mtima unagunda. Ndinabwereza katatu, yankho osasintha. Kenako ndinawerengera mobwerera m'mbuyo, monga kabuku komweko kamalangizira: 25 ml kuchulukitsa ndi 50 mcg ndi 1,250 mcg, kapena kuti 1.25 mg, kuwirikiza kakhumi zimene dokotala analemba. Ndipo digokisini si mankhwala osewera nawo. Ukapyola pang'ono, wodwala amasanza, mtima umagunda mosokonekera. Nditayang'anitsitsa pawindo, kadontho ka pakati pa 2 ndi 5 kanalipo, koma kanali katafufutika chifukwa chojambulitsa kambirimbiri. Achemwali anga, amene ndi anamwino kwa zaka zambiri, anaseka n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, kuwodi kulibe tsamba la mayankho. Ukaona 25 ml ya digokisini uzidabwa kaye."

Ndinapeza malo ena awiri ofufutika chimodzimodzi, ndipo ndinawakonza ndi cholembera chofiira. Gawo la madiripi ndi lochepa kwambiri. Limakupatsa lita imodzi pa maola 8 ndi madontho 20 pa 1 ml, yankho madontho 42 pa mphindi, koma silifotokoza kuti 42 wachokera ku 41.7 chifukwa dontho suungalidule pakati. Mafunso a ana, owerengera potengera kulemera kwa thupi, alimo ochepanso.

Ndakapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Mukamagula, tsegulani masamba a mayankho pomwepo muone ngati timadontho tikuoneka. Kanga ndabwereketsa mnzanga wa ku Mbare, zokonza zofiirazo zili momwemo.