Makalori a supu ya fulawa: apu, sipuni kapena sikelo?

Funso ili limabwera pafupipafupi kwa ife tikuyesa kuchepetsa thupi kuno ku Lusaka, nsima tinaphunzira kuiyeza, nkhuku tinaphunzira, koma supu yolimbitsa ndi fulawa ija nanga timaiwerenga bwanji? Ine ndayesa njira zitatu pa poto imodzimodzi kunyumba ku Chilenje, ndiye ndinene zomwe ndinapeza.

Yoyamba ndi yaulesi, ija ndinayambira nayo inenso. Mutsegula apu ya pa foni, mulemba "gravy" basi musankha yomwe yabwera pamwamba. Vuto lake zomwe zimabwerazo zambiri ndi za supu ya mchitini kapena ya paudala wa mpaketi, yomwe mafuta ake ndi ochepa, si ya poto yanu imene munayamba ndi kuthira saladi. Komanso nambala zimasiyana kwambiri, wina analemba za kapu wina za sipuni, ndipo mtima wa munthu umathamangira yaing'ono. Njira iyi ndimaisiyira ku ukwati kapena ku kicheni pate komwe sindinaphike ndine, ndipo kumeneko ndimasankha dala nambala yaikulu.

Yachiwiri ndi kuwerenga masipuni pophika. Iyi ili bwinoko chifukwa mukuwerenga zomwe zalowadi mu poto. Sipuni yaikulu yoyezera, ya 15 ml, ikadzaza saladi ndi makalori pafupifupi 120. Sipuni yomweyo ya fulawa yosalaza pamwamba ndi magalamu ngati 8, makalori ngati 30. Onani kusiyana kwake apo. Ambiri timaopa fulawa poti ndi imene imalimbitsa supu ndipo imaoneka, koma galamu imodzi ya mafuta ndi makalori 9 pamene ya fulawa safika ndi 4 yomwe. Mukatapa fulawa yochita kaphiri mmalo mosalaza mwaphonya ndi makalori 25 kapena 30, palibe cholira. Pa saladi ndi pomwe pali nkhani. Ndani pano amayeza saladi ndi sipuni? Timangopendeketsa botolo mpaka pansi pa poto panyezimire nkumati "ndathira masipuni awiri". Tsiku lina ndinaika botolo pa sikelo ndisanathire, ndinathira mmene ndimathirira masiku onse, nkuliikanso, linapepuka ndi magalamu 45. Masipuni awiri enieni ndi magalamu ngati 28. Ndiye kuti makalori 150 amalowa mwakachetechete tsiku lililonse ine ndikulemba masipuni awiri.

Koma ngakhale muyeze bwino masipuni, njirayi imangokuuzani za poto yonse. Pa mbale yanu pabwera zingati? Apa anthu amagawa ndi chiwerengero cha anthu, tili 5 ndiye gawani pa 5. Kwathu sizigwira, abambo a mnyumba amathira zipande ziwiri, ana amakombeza, ina imatsala ya mawa.

Yachitatu ndi ya sikelo, tija ta dijito ta mkhitchini timapezeka mmashopu a ku Kamwala ndi mtauni. Iyi ndi imene ndakhazikikapo ndiye ndifotokoze bwino ndi poto ya Lamlungu lapitali.

Choyamba ndinayeza poto ilibe kanthu, magalamu 600, ndipo nambala imeneyi ndinailemba pa khoma la kabati kuti ndisamayezenso. Kenako chilichonse cholowa ndinachiyeza chisanapse. Saladi magalamu 30, ndiwo makalori 265. Fulawa magalamu 30, fulawa ya tirigu imakhala makalori 364 pa magalamu 100 ndiye apa ndi 109. Anyezi magalamu 100 ndi makalori 40, matimati a ku msika wa Soweto magalamu 200 ndi 36. Madzi theka la lita, ziro. Zonse pamodzi 450, ndipo muone kuti saladi yekha wadutsa theka.

Nditakazinga fulawa mu saladi mpaka yafiirira, kuthira anyezi, matimati, madzi pang'onopang'ono ndikutakasa kuti isachite mibulu, inawira nkulimba. Ndinaika poto yonse pa sikelo, pansi ndinaika kathabwa poti poto yotentha imasungunula pulasitiki, ndinadina TARE, batani lobweza sikelo pa ziro, kathabwa kali pomwepo poto isanakwere. Inawerenga 1,200. Kuchotsa 600 wa poto, supu ndi magalamu 600.

```
450 ÷ 600 × 100 = 75
```

Ndiye makalori 75 pa magalamu 100 alionse. Chipande changa chimatenga magalamu 80, ndiko kuti makalori 60. Ndikathira ziwiri ndi 120, nkhani yatha.

Chimene njira ziwiri zija sizingaone ndi madzi. Supu ikamawira chimatuluka ndi nthunzi basi, mafuta ndi fulawa zimatsala momwemo, makalori sapsa. Malaiti atapita ndinamalizira poto ina pa mbaula, moto wa makala suchepetseka ngati wa sitovu, inauma mpaka magalamu 450. Zolowa zinali zomwezo, 450 kugawa pa 450, tsopano ndi makalori 100 pa magalamu 100, chipande chomwe chija chakwera kufika 80. Nchifukwa chake nambala ya sabata yatha musaigwiritsenso ntchito osayeza poto, ndipo mukaitenthetsa mawa nkuthiramo madzi nambala yasinthanso.

Pomwe sikelo nayo imavuta ndi pa mafuta a nkhuku. Ambiri timapanga supu mu poto momwe takazingiramo nkhuku ya buloila, mafuta ali pansipo ena ndi saladi ena atuluka mu khungu, simungadziwe ndi maso. Ine ndimachotsa nyama, ndimakhuthulira zamadzi zonse mu kapu ya galasi, pakapita mphindi zochepa mafuta amayandama pamwamba msuzi pansi. Ndimayengula mafutawo ndi sipuni, kuyeza amene ndikufuna, galamu iliyonse makalori 9, otsala sabwerera mu poto. Msuzi wa pansiwo uli ndi makalori ochepa, sindivutika nawo. Chenjerani kuwerenga kawiri, ngati nkhuku munailemba yaiwisi ndi khungu lake mafuta otulukawo munawawerenga kale, musawaonjezerenso ku supu. Ndipo poyeza poto nyama ndi mafupa zikhale zitatuluka, apo ayi kulemera kukwera nambala ya supu nkutsika monama.

Ngati mumagwiritsa majarini kapena batala mmalo mwa saladi, batala ndi makalori ngati 717 pa magalamu 100 pamene saladi ndi 884, poti mu batala muli madzi. Majarini amasiyana, werengani pa chikutiro. Ndipo katundu wambiri wochokera ku South Africa amalemba kJ osati kcal, mugawe ndi 4.2 kuti mupeze makalori, mnzanga wina anataya paketi ya paudala wa supu ataona nambala ya kJ akuyesa ndi makalori.

Masiku otopa sindiyeza zonse, ndisaname. Anyezi ndi matimati ndimangoyerekeza ndi maso, fulawa ndi sipuni yosalaza, koma botolo la saladi limakwera pa sikelo kawiri ndipo poto imakwera ikapsa. Supu ya mafuta ambiri ikakhala kanthawi mafuta amabwera pamwamba, ndiye takasani musanatape, woyamba kutapa osatakasa amanyamula mafuta a nyumba yonse ndipo 75 uja kwa iye sagwiranso.