Miyezi 11 chilembere memo yopempha ndalama za EDR: zomwe ndikanalemba mosiyana

"Achimwene, memo ija munalembera abwana anu yopempha ndalama za EDR, mungandibwerekeko ndionerepo? Kwathunso zativuta. Komatu mundiuze zoona, chinthucho chikugwira ntchito kapena munangotaya ndalama?"

Memoyo ndikutumizirani, koma musaikopere momwe ilili, chifukwa muli cholakwika chomwe ndachiona mochedwa. Uthenga wanu wandipezanso pa nthawi yake. Invoyisi ya chaka chachiwiri ya EDR, pulogalamu yolondera makompyuta ija, yafika Lachiwiri lapitali ndipo ndikadali wokwiya, choncho zina mwa zomwe ndinene muzichotserako mkwiyowo.

Kampani yathu ili ndi makompyuta 44 ndi maseva awiri, ndipo wa makompyuta ndine ndekha. Mu memo ndinaika nkhani zitatu zomwe zinatichitikira m'miyezi isanu ndi umodzi. Yoyamba inali ya fulashi yomwe inabweretsa kachilombo kobisa mafoda. Yachiwiri inali yaikulu: mayi wina wa ku akaunti anatsegula fayilo ya Word yobwera pa imelo, ndipo pofika masana mafayilo a m'foda yomwe tonse timagwiritsa ntchito anali atatsekedwa, patsala kakalata kofuna dipo. Tinabwezeretsa kuchokera pa bakapu ya masiku atatu m'mbuyo, ofesi inaima masiku awiri. Yachitatu, munthu wina analowa mu imelo ya mkulu wa zogulagula, n'kutumizira kasitomala wathu invoyisi yokhala ndi nambala ya akaunti ya kubanki yosakhala yathu, kasitomalayo n'kulipira.

Abwana anawerenga tsamba loyamba lokha. Zomwe ndinalemba za WannaCry, pulogalamu yofuna dipo ya mu 2017, yomwe inkafalikira pa makompyuta osaikidwa chigamba chomwe Microsoft inatulutsa miyezi iwiri m'mbuyo mwake, sanaziyang'ane n'komwe. Chomwe anachongapo ndi cholembera chinali mzere womwe ndinachulukitsa malipiro a tsiku limodzi a antchito onse ndi masiku awiri aja, n'kuika pambali pake mtengo wa layisensi wa chaka. Mzere umenewo muusunge. Kenako anafunsa funso limodzi: "Ndiye za invoyisi zija sizidzachitikanso?" Ine ndinati, "Zidzachepa kwambiri, bwana." Apa ndi pomwe ndinalakwa, ndipo ndinkadziwa pang'ono kuti ndikukometsa nkhani.

EDR imaona zomwe zikuchitika pa kompyuta yomwe mwaiikapo: pulogalamu iti yadzutsa inzake, yalemba fayilo iti, yalankhula ndi adiresi iti pa intaneti. Wakuba wa invoyisi uja sanakhudze kompyuta yathu ngakhale imodzi. Anapeza pasiwedi kudzera pa tsamba labodza lolowera mu imelo, n'kulowa ali kwawo, n'kuika lamulo loti maimelo onse okhala ndi mawu oti invoyisi azipita ku foda yobisika. Zimenezo mankhwala ake ndi kutsimikizira kawiri polowa mu imelo, komanso lamulo la mu ofesi loti nambala ya akaunti ikasintha, munthu aimbe foni kaye. Pa mwezi wachisanu anayesanso kwa munthu wina, EDR sinanene kanthu, ndipo amene anatipulumutsa ndi kasitomala yemwe anakayika n'kuimba. Tsiku limenelo abwana anandiitana, memo yanga ili pa desiki pawo. Sindinakhale pampando.

Zomwe zimagwira bwino ndizinena mwachidule. Kuiika pa makompyuta onse kunatenga masiku atatu. Sichedwetsa makina, kupatula malaputopu awiri akale omwe anali ochedwa kale. Mafulashi ndinawatseka onse kuchokera pa sikirini imodzi, n'kutsegulira anthu anayi okha, ndipo vuto la mafoda obisika linathera pomwepo.

Tsiku lomwe ndinasangalala nayo linali m'mwezi wachitatu. Mnyamata wa zamalonda anali kunja ndi laputopu, pa netiweki ya malo ogona alendo. Foni yanga inalira, nditatsegula ndinaona mzere wa zochitika: `outlook.exe` yatsegula `winword.exe`, ndipo `winword.exe` yadzutsa `powershell.exe` yokhala ndi `-enc` kutsogolo kwa zilembo zambirimbiri zosawerengeka. Word ilibe chifukwa chodzutsira PowerShell pa ntchito ya munthu wogulitsa katundu, ndipo `-enc` ndi njira yoperekera lamulo litabisidwa mu Base64 kuti diso lisaone msanga. Antivayirasi yathu yakale inkafananiza fayilo ndi mndandanda wa zoipa zodziwika kale, ndiye fayilo yatsopano inkadutsa. Iyi inayang'ana khalidwe, inapha pulogalamuyo, ine n'kudina batani lopatula laputopuyo kuti isalankhule ndi china chilichonse kupatula makina a EDR. Mnyamatayo anandiimbira akudandaula kuti intaneti yaduka ali pakati pa ntchito. Ndinamuuza kuti akamwe madzi. Nkhani yomwe chaka chatha inatidyera masiku awiri inatha m'mphindi 20, ndipo madzulo ake ndinatumizira abwana chithunzi cha sikirini ndili ndi kamatama.

Tsopano vuto lomwe silinandichoke mpaka lero. Pa seva yathu ya mafayilo pali kasikiriputi kakale kamene usiku uliwonse kamafufuta makope akale a Windows kuti disiki isadzaze. Kamagwiritsa ntchito lamulo ili:

```
vssadmin delete shadows /for=D: /oldest /quiet
```

Mapulogalamu ofuna dipo asanatseke mafayilo amakonda kuyendetsa m'bale wake wa lamuloli, kuti munthu asabwezeretse kanthu:

```
vssadmin delete shadows /all /quiet
```

EDR inkaona awiriwa ngati chinthu chimodzi. Usiku uliwonse 1 koloko, chenjezo lofiira, foni kulira, sikiriputi kuphedwa. Sabata yoyamba ndinkadzuka. Sabata yachiwiri mayi a kunyumba anandiuza kuti foniyo izigona pabalaza. Ndinalembera wotigulitsa, anayankha patapita masiku anayi ndi mzere umodzi wakuti ndiike foda ya masikiriputi pa mndandanda wa zosayang'anidwa. Ndinachita zomwezo, ndinaikapo `C:\Scripts\` yonse, phokoso linatha, ndinagona.

Patapita miyezi iwiri ndikuyang'ana zilolezo pa sevayo, ndinapeza kuti foda imeneyo aliyense wolowa pa seva angathe kulembamo. Ndiye kuti ndinamangira mbala chipinda chomwe mlonda analamulidwa kuti asasuzumiremo. Ndinaikamo fayilo yoyesera ya EICAR, yomwe si yoipa koma pulogalamu iliyonse yoteteza imayenera kuikuwira, ndipo panali zii. Nditaiika pa desikitopu, inagwidwa nthawi yomweyo. Mukadzaika chilichonse pa mndandanda wa zosayang'anidwa, yesani motero tsiku lomwelo. Njira yoyenera inali kukhululukira lamulo limodzi lokhalo, ndi mawu ake onse, likamayendetsedwa ndi akaunti ya bakapu yokha, n'kutseka fodayo kuti alembemo ndi oyang'anira okha. Ndinakonza choncho, koma pulogalamuyo ikalandira zatsopano nthawi zina chenjezo limabwerera, ndipo zachitika katatu. Nthawi iliyonse ndimatsegula tikiti yatsopano n'kufotokoza nkhaniyo kuyambira pachiyambi kwa munthu wina watsopano.

Choopsa cha machenjezo abodza si tulo tokha. Munthu umazolowera. Loweruka lina usiku kunabwera chenjezo kuchokera pa seva ya malipiro, ine ndinaliona Lolemba m'mawa chifukwa ndinangoganiza kuti ndi sikiriputi ija. Sinali iyo. Katswiri wa kampani yomwe imatikonzera pulogalamu ya malipiro anali atasiya khomo la 3389 lotsegukira ku intaneti kuti azilowa ali kutali, ndipo m'malogi munali mizere ya 4625, kutanthauza kulephera kulowa, yoposa zikwi zinayi m'maola 30, mayina ake `administrator`, `admin`, `backup`, kumangosinthasintha. Sanalowe, pasiwedi inali yaitali. Koma sevayo ndinali nditaiika pa njira yongonena osaletsa, poopa kuti EDR ingaphe pulogalamu ya malipiro kumapeto kwa mwezi. Akanalowa, chida chathu chikanalemba zonse mwadongosolo, popanda woziwerenga, kwa maola 30.

Pamenepa ndi pomwe memo yanga inaperewera. Ndinapempha ndalama za chida, sindinapemphe za maso. Wogulitsa anandionetsa mitengo iwiri: layisensi yokha, ndi ina yomwe anthu awo amayang'anira machenjezo usana ndi usiku n'kupatula makina okha, yomwe inali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ndinaopa kuti abwana akana zonse, ndiye yachiwiriyo sindinaiike n'komwe mu memo. Ndikanaika zonse ziwiri, n'kulemba poyera kuti yotchipayo itanthauza kuti kuyambira 5 koloko madzulo mpaka m'mawa, komanso Loweruka ndi Lamlungu, palibe akuyang'ana. Akanasankha okha, ndipo chisankhocho chikanakhala chawo. Lero nkhaniyo ndi yanga ndekha. Inunso pa nkhani iliyonse yomwe muike mu memo yanu, lembani pansi pake ngati chidacho chikanaigwira, chikanaichepetsa, kapena sichikanaiona. Zanga zitatu zija zikanakhala: chikanaigwira, chikanaigwira, sichikanaiona.

Abwana anu akafunsa ngati chidacho pachokha sichingagwetse makina, musakane. Pa 19 Julaye 2024 zosintha zolakwika za CrowdStrike, kampani ina yopanga EDR, zinagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse. Mapulogalamu a mtundu uwu amakhala mkati mwenimweni mwa Windows, ndiye funsani wogulitsa ngati mungalandire zosintha pa makina ochepa kaye. Ife timayamba ndi asanu.

Tibwere ku invoyisi. Makina tili nawo 46, ogulitsawo alemba 57. Laputopu iliyonse yomwe ndinaifufuta n'kuikamo Windows mwatsopano inaoneka kwa iwo ngati makina atsopano, yakaleyo ikadali pa mndandanda, pamodzi ndi makompyuta atatu omwe tinataya. Palibe anandiuza kuti ndizichotsa pamanja. Mtengo wa kompyuta imodzi nawonso wakwera, chifukwa wa chaka chatha unali "wolandirira makasitomala atsopano", mawu omwe ali pa tsamba lachisanu ndi chimodzi la mgwirizano. Pa tsamba lomwelo pali poti ofuna kusiya anene kutatsala masiku 60, apo ayi mgwirizano umadzikonzanso wokha. Ine ndawerenga zimenezi kutatsala masiku 31. Munthu yemwe chaka chatha ankandiimbira kawiri pa sabata, tsopano foni yake imangoitana.

Ndiye kodi tinataya ndalama? Mukanandifunsa tsiku la laputopu lija ndikanati gulani lero lomwe. Lachiwiri ndikanati thawani. Lero nditakhazika mtima pansi, ndikuona kuti laputopu imodzi ija inabweza ndalama za chaka chonse, ndipo sindingabwerere ku antivayirasi yokha. Koma makina 11 omwe kulibe sindilipira. Ndawatumizira mndandanda wa manambala a makina onse 46, ndawauza kuti akachotsa 11 aja n'kutipatsa mtengo wabwino wa ulonda wa usiku, tisaina zaka ziwiri. Akakana, tilipira chaka chomwe atikola nachochi, ndipo kalata yosiya ndiitumiza sabata yomweyo kuti masiku 60 asadzandipitirirenso. Memo yachiwiri ya kwa abwana ndaiyamba dzulo, ili ndi tsamba limodzi, ndipo ndaiyamba ndi nkhani ya Loweruka lija. Ndikuphatikizirani zonse ziwiri, koma yakaleyo mufufutemo mayina a anthu musanaonetse aliyense.