Botolo limodzi, kusakaniza kapena kasinthasintha: njira iti imachedwetsa mbozi kupima?

Aliyense wolima kabichi amakadziwa kambozi kobiriwira kaja, kamene ukakakhudza kamadzipotokola n'kugwa pa tsamba kakulendewera pa ulusi. Mayi wake ndi kagulugufe kotuwa kokhala ndi mzere wonga madayamondi kumsana. Pa nkhani yopima mankhwala, kutanthauza kusawamvanso, kali ndi mbiri: mu 1953 pa chilumba cha Java kanapezeka kuti sikakumvanso DDT, ndipo cha m'ma 1990 ku Hawayi kanakhala kachilombo koyamba kupezeka kuti kapima mankhwala a Bt, ochokera ku bakiteriya, m'munda mwenimweni. Tiyese ndi kambozi kameneka njira zimene opopera timatsata.

Tiyambe ndi mawu amene timakonda kunena, akuti "mbozi zazolowera mankhwala." Mbozi imodzi sizolowera kanthu. Imafa kapena kupulumuka, basi. Koma pakati pa mbozi zikwizikwi pamakhala zingapo zobadwa zosiyana pang'ono ndi zinzake: mwina malo amene poizoni amakagwira m'mitsempha anaumbika mwina, mwina thupi lake limaphwanya poizoniyo msanga asanagwire ntchito. Mankhwala sapanga mbozi zimenezi, amangozichotsera anzake. Zotsalazo zimakwerana, ana n'kutengera makolo.

Njira yoyamba ndi ya botolo limodzi: wapeza mankhwala ogwira, bwanji kuwasiya? Tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. M'munda muli mbozi 10,000, ndipo 10 zokha ndizo zosamva. Mankhwala anu amapha 95 mwa 100 zilizonse zakumva, zosamva sazikhudza. Mukapopera, zakumva zitsala pafupifupi 500, zosamva 10 zija zili gwa. Poyamba inali imodzi pa 1,000, tsopano ndi ziwiri pa 100. Zikaswana n'kufikanso 10,000, zosamva zili 200. Mupoperanso: zakumva zitsala 490, zosamva 200, ndiye kuti 29 pa 100. M'badwo wachitatu zosamva zili 2,900, zakumva zopulumuka 355, ndipo otsalawo 89 pa 100 ndi osamva.

Chopweteka chili pa zimene maso anu amaona. Ulendo woyamba zinafa 95 pa 100. Wachiwiri 93, ndipo palibe munthu angasiyanitse 93 ndi 95 atasenza chopopera kumsana. Wachitatu 67, apa mumayamba kuganiza kuti mwina kunali mphepo. Wachinayi zifa 10 zokha pa 100. Mankhwala amaoneka ngati afa tsiku limodzi, chonsecho anayamba kudwala kalekale. M'munda weniweni zimachedwerapo, chifukwa agulugufe ochokera kwina amasakanikirana ndi anu, komanso kusamva kwina kumaonekera pokhapokha mwana atatengera kwa makolo onse awiri. Koma kayendedwe kake n'komweko, ndipo kukatentha kambozi aka kamatsiriza m'badwo m'masabata awiri kapena atatu.

Ambiri akaona 67 ija amawonjezera mlingo, kapu imodzi n'kukhala ziwiri. Zimathandiza sabata imodzi kapena ziwiri. Koma mwapha zosamva pang'ono n'kusiya zosamva kwambiri, mwaphanso timavu tating'ono timene timaikira mazira m'thupi la mboziyo, ndipo mwadutsa mlingo wolembedwa pa lebulo. Kuchepetsa mlingo kuti botolo likhalitse nakonso n'kudziphera, chifukwa kumapulumutsa zija zosamva pang'ono zimene mlingo wokwanira ukanapha.

Njira yachiwiri ndiyo imandimvetsa chisoni, chifukwa woitsata amaganiza kuti akuchita bwino: kusintha dzina. Sabata ino sayipamethirini, sabata yamawa delitamethirini, kenako lamuda-sayihalothirini. Mabotolo atatu, makampani atatu, mitundu ya zivindikiro itatu. Kwa mbozi ndi munthu yemweyo wangosintha malaya. Onse atatu amagwira pamalo amodzi, pa timakomo ta sodiyamu m'mitsempha, ndipo mbozi imene timakomo take tinasintha imawapirira onse. DDT nayenso amagwira pomwepo, n'chifukwa chake tizilombo tina tinali titapima kale mankhwala a mtunduwu asanafike n'komwe pa msika. Pa masamu athu aja, kusintha dzina ndi botolo limodzi n'chimodzimodzi.

Choyang'ana ndi nambala ya gulu. Bungwe la IRAC, limene linakhazikitsidwa mu 1984, linagawa mankhwala ophera tizilombo potengera pamene amagwira m'thupi, ndipo malebulo ambiri tsopano amaika nambalayo m'kabokosi cha kumtunda. Atatu aja onse ndi 3A. Sipinosadi ndi 5, emamekitini ndi 6, Bt ndi 11A, indokisakabu ndi 22A, ndipo a mtundu wa dayamayidi, amene amaumitsa minofu mbozi n'kuleka kudya, ndi 28. Nambala ikasiyana ndiye kuti mwasinthadi. Chilembo chokha chikasiyana, monga 1A ndi 1B, malo ogwira ndi amodzi, choncho musawatsatanitse pokhapokha palibe china.

Njira yachitatu ndi yosakaniza magulu awiri m'thanki imodzi. Nzeru yake ilipo: ngati imodzi pa 1,000 simva gulu 5 ndipo imodzi pa 1,000 simva gulu 28, yosamva onse awiri ingakhale imodzi pa 1,000,000. Koma masamu amenewa amaima pa miyendo itatu. Mankhwala aliwonse akhale pa mlingo wake wonse, woti n'kupha paokha. Onse akhale akugwirabe pa mbozi zanuzo. Ndipo akhalitse pa tsamba nthawi yofanana. Mwendo umodzi ukathyoka zonse zagwa. Taganizani kusakaniza 3A wofooka kale ndi 28: amene akugwira ntchito ndi 28 yekha, 3A akungoperekeza. Kapena ena atha mphamvu m'masiku atatu pamene anzake akhala masabata awiri: masiku otsalawo mbozi zongoswa zikukumana ndi gulu limodzi, pa mlingo wocheperachepera. Ndipo theka la awa ndi theka la awo, monga ambiri amachitira, ndi kuphunzitsa mbozi masukulu awiri nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sindikuti osasakaniza konse. Pamene m'munda muli mbozi ndi nsabwe pamodzi, chifukwa chake chimamveka. Koma dziwani kuti mwagwiritsa ntchito magulu awiri pa nthawi imodzi, ndipo onsewo ayenera kupuma pa nthawi yotsatira. Mabotolo obwera osakaniza kale amalemba manambala awiri pa chifukwa chomwechi.

Njira yachinayi ndi kasinthasintha wa magulu, ndipo nayo ili pawiri. Ena amasintha gulu pa kupopera kulikonse: lero 5, sabata yamawa 28, kenako 5, kenako 28. Zikuoneka zaukhondo, koma m'munda mibadwo imalowana. Tsiku limodzi mupeza mazira, mbozi, zikwa ndi agulugufe. Posinthanitsa sabata ndi sabata, m'badwo uliwonse umakumana ndi magulu onse awiri, ndipo palibe gulu limene lapuma. Njira imene ine ndimaikira kumbuyo ndi yogawa nyengo m'zigawo zotalika ngati m'badwo umodzi, kawirikawiri masiku 30. M'chigawo chimodzi mutha kupopera gulu limodzi kawiri ngati lebulo ikulola, koma chigawo chotsatira gululo lisaonekenso, ngakhale mphamvu yake yotsalira pa masamba.

Pa kabichi wa masiku 90 kuchokera powokera, zingayende chonchi. Masiku 1 mpaka 30, mbewu zikadali zazing'ono ndipo mbozi n'zosavuta kuzifikira, Bt. Amagwira bwino pa timbozi tongoswa, amafuna kuti mbozi idye tsamba lopopera, ndipo dzuwa limamufooketsa, choncho poperani madzulo. Timavu tija samatipha. Masiku 31 mpaka 60, pamene mutu ukuyamba kupindika ndipo mbozi ikalowa mkati simudzaipezanso, gulu 28. Masiku 61 mpaka 90, gulu 5 kapena 6, poyang'ana masiku odikira musanakolole. Ngati mbande zinathiridwa 28 ku nazale, chigawo choyamba chatengedwa kale ndi 28, ndiye chachiwiri mupezere gulu lina. Apa ambiri amapunthwa, chifukwa mbande zogula sizinena zimene zinamwa. Munda wotsatira usayambe ndi gulu limene watsirizira woyambawu. Ndipo chigawo si lamulo loti mupopere: mukatembenuza masamba osapeza mbozi zokwanira kuda nazo nkhawa, chopopera chigone.

Tibwerere ku masamu aja kuti tisanamizane. Gulu limodzi lija likamagwiritsidwa ntchito pa m'badwo woyamba, wachinayi ndi wachisanu ndi chiwiri, 89 pa 100 ija imafika pa m'badwo wa 7 m'malo mwa wa 3. Kwachedwa, koma kwafika. Phindu lenileni la kasinthasintha limachokera pa zimene zimachitika gululo likupuma. Nthawi zambiri mbozi yosamva imakhala ndi ngongole yake: imakula mochedwa kapena kuikira mazira ochepa, choncho popanda mankhwala aja zakumva zimaiposa. Agulugufe akumva ochokera kwina nawonso amasungunula mtunduwo. Ziwiri pa 100 zija zikatsika gululo lisanabwerere, mwapambana. Pamene ngongoleyo palibe, sizitsika. Palinso mbozi zimene thupi lake limaphwanya poizoni wa magulu angapo, ndipo kwa zimenezo nambala ya pa lebulo sithandiza mokwanira. Gulu latsopano nalo si chishango: mankhwala a 28 anafika pa msika cha mu 2007, ndipo pasanathe zaka zisanu alimi a kabichi ku Thailandi, ku Filipinzi ndi kumwera kwa Chayina, kumene ankawapopera mobwerezabwereza, anali akudandaula kale. Agulugufe sadziwanso malire a munda. Mnansi akamathira 28 chaka chonse, zigawo zanu zimabowoka.

Musanaweruze kuti mbozi zapima, yesani. Nthawi zambiri mlandu umakhala wa nozo yotha, mankhwala osafika kunsi kwa tsamba, kapena madzi otsetsereka pa phula la kabichi chifukwa simunaike chomatitsa. Mwinanso mwafulumira: ndi Bt kapena 28 mbozi imaleka kudya msanga koma imafa patapita masiku awiri kapena atatu, ndiye yang'anani ngati pali mabowo atsopano. Kuti mutsimikize, valani magolovesi, sungunulani mankhwala pa mlingo wa pa lebulo, viikani tsamba losapopera, liumitseni pamthunzi, n'kuliika m'chigubu chophimba ndi kansalu pamodzi ndi timbozi 20 tating'ono. M'chigubu china ikani tsamba loviika m'madzi okha ndi timbozi 20. Pakatha masiku atatu werengani. Ngati za pa tsamba la mankhwala zafa pafupifupi zonse, vuto ndi kapoperedwe. Ngati theka zikudyabe monga zinzake za m'madzi, gulu lonselo, mayina ake onse, lichotseni pa ndandanda ya nyengo imeneyo.