Chiwongoladzanja chosabereka ndi chobereka: K500,000 ikula bwanji pa njira ziwirizi?

Mabanki awiri angakulonjezeni chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka, koma ndalama zimene mudzatenge n'kukhala zosiyana kwambiri. Kusiyanako kumachokera pa funso limodzi: kodi chiwongoladzanja cha chaka chatha chimalowa mu mpamba kuti nachonso chibereke, kapena chimaikidwa pambali?

Pa njira yosabereka, banki imawerengera pa mpamba woyamba wokha. Tinene kuti mwasungitsa K500,000 pa 10 peresenti, mlingo wongoyerekezera. Chaka chilichonse mumapeza K50,000, ndipo sichisintha. Pakatha zaka 5 muli ndi K750,000, pakatha zaka 10 muli ndi K1,000,000. Kawerengedwe kake ndi aka, pamene A ndi ndalama zonse zimene mudzakhale nazo, P ndi mpamba, r ndi mlingo (10 peresenti ilembedwe 0.10), t ndi zaka:

```
A = P × (1 + r × t)
```

Pa njira yobereka, chaka choyamba chimathanso ndi K550,000. Koma chaka chachiwiri 10 peresenti imawerengedwa pa K550,000, ndiye mumapeza K55,000 ndipo zonse zimakwana K605,000. Chaka chachitatu phindu ndi K60,500, zonse pamodzi K665,500. Chachinayi zimafika K732,050, chachisanu K805,255. Kawerengedwe kake ndi aka, pamene ^t akutanthauza kuchulukitsa ndi 1 + r kamodzi pa chaka chilichonse kwa zaka t:

```
A = P × (1 + r)^t
```

M'zaka zoyambirira kusiyana n'kochepa ndithu: chaka chachiwiri ndi K5,000 chabe, ndipo n'chifukwa chake ambiri sachita nazo chidwi. Pa zaka 5 kusiyana ndi K55,255. Pa zaka 10 njira yobereka yafika K1,296,871 pamene inayo ili pa K1,000,000. Pa zaka 20 ndi pafupifupi K3,363,750 poyerekeza ndi K1,500,000. Njira yosabereka imafuna zaka 10 kuti mpamba uwirikize kawiri, yobereka imangofuna zaka 7 ndi miyezi yochepa. Mungathe kuyerekeza nthawi imeneyi pogawa 72 ndi mlingo wa chiwongoladzanja: 72 kugawa ndi 10 kumapereka 7.2.

Chovuta kusankha chimabwera pamene milingo ili yosiyana. Kwina akupereka 12 peresenti yosabereka, kwina 10 peresenti yobereka. Pa 12 peresenti mumapeza K60,000 chaka chilichonse, choncho pakatha zaka 3 muli ndi K680,000, pamene yobereka ija ili pa K665,500. Pa zaka 4 yosabereka ikadali patsogolo, K740,000 poyerekeza ndi K732,050. Chaka chachisanu ndiye zimatembenuka: K800,000 ipitiriridwa ndi K805,255, ndipo kuchokera pamenepo mpata umangokulirakulira. Ngati ndalamazo ndi za fizi kapena za feteleza wa chaka chamawa, tengani mlingo waukulu, musavutike ndi zobereka. Ngati simudzazikhudza zaka zoposa zisanu, yobereka ndiyo yokuthandizani.

Mabanki ena amaphatikiza chiwongoladzanja ku mpamba mwezi ndi mwezi. Zimenezi zimathandiza, koma pang'ono: 10 peresenti yophatikizidwa mwezi uliwonse imafikitsa K500,000 pa pafupifupi K552,357 pachaka, m'malo mwa K550,000.

Kumene anthu amatayira phindu n'kwina. Mukamatapa chiwongoladzanja chaka chilichonse, akaunti yobereka mwaisandutsa yosabereka, chifukwa mpamba ukungokhala pa K500,000. Zomwezi zimachitika mwakachetechete pa akaunti yosungitsa ndalama kwa nthawi yoikika. Nthawi ikakwana, banki ikhoza kuyambitsanso mpamba wokha, chiwongoladzanja n'kuchitumiza ku akaunti yanu ya masiku onse kumene chimatha ndi zogulagula. Polemba fomu, sankhani kuti mpamba ndi chiwongoladzanja ziyambirenso limodzi. Kuti mudziwe zimene zikuchitikadi, yang'anani sitetimenti ya nthawi ziwiri zotsatizana: ngati mlingo sunasinthe koma chiwongoladzanja chikubwera chofanana ndendende, ndiye kuti sichikubereka.

Msonkho nawonso umaluma kwambiri pa njira yobereka, popeza ndalama yodulidwayo ikanaberekanso. Ngati msonkho ukutenga gawo limodzi mwa magawo asanu a chiwongoladzanja chaka chilichonse, 10 peresenti imakhala 8, ndipo pa zaka 10 mudzapeza pafupifupi K1,079,462 m'malo mwa K1,296,871.

Musaiwalenso kuti mitengo ya katundu imakwera mobereka. Ikamakwera ndi 20 peresenti pachaka, katundu wa K500,000 lero adzafuna K600,000 chaka chamawa, pamene akaunti yanu ili pa K550,000. Choncho pofunsa ku banki, funsani mlingo wotsala msonkho ndi zolipira pa akaunti zikachotsedwa, kenako muuyerekeze ndi mlingo wa kukwera kwa mitengo umene ofesi ya boma yoona za kalembera ku Zomba imalengeza mwezi uliwonse.