Mpamba wa katoni ubwera pa tambula ya nambala chani? Njira zitatu zowerengera

Anthu atatu akhoza kuoda katoni yofanana, pa mtengo wofanana, koma mukawafunsa kuti agulitse zinthu zingati kuti mpamba ubwerere, wina ayankha 36, wina 42, wina 144. Pa kalikuleta palibe walakwitsa. Asiyana pa ndalama zomwe aika m'masamuwo.

Tiyeni titenge katoni ya matambula agalasi 48, yoodedwa pa 36,000. Manambalawa ndi ongoyerekeza, mukhoza kuikapo ndalama za dziko lililonse. Tambula imodzi yabwera pa 750, ndipo mukufuna kugulitsa pa 1,000.

Njira yoyamba ndi ija ya pamtima, yomwe munthu amawerenga ali chiimire pamalo oodera. Mumagawa mtengo wa katoni ndi mtengo wogulitsira chinthu chimodzi. 36,000 kugawa ndi 1,000 zikupereka 36. Ndiye kuti matambula 36 abweza mpamba, ndipo 12 otsalawo ndi phindu la 12,000. Ubwino wake ndi changu, komanso imakuthandizani kukana katundu woipa nthawi yomweyo. Ngati yankho lake layandikira kale 48, musavutike n'kuwerenga zina, katoniyo isiyeni. Vuto lake n'lakuti imaona ngati katoni inadzifikitsa yokha pamalo ogulitsira, ili yathunthu, ndipo wogula aliyense alipira 1,000 osanenerera.

Njira yachiwiri imagawanso chimodzimodzi, koma imayamba yakonza manambala onse awiri. Mbali ya mpamba mumaphatikiza ndalama iliyonse yomwe yatuluka kamodzi chifukwa cha katoniyo. Tinene kuti thiransipoti yadya 2,400 ndipo wonyamula mwamupatsa 600. Mpamba weniweni wafika 39,000. Mbali ya mtengo mumachotsa ndalama yomwe imatuluka nthawi iliyonse mukagulitsa. Tambula siperekedwa m'manja yosakulunga, choncho pepala ndi kathumba zikhale 50 pa tambula imodzi. Pa 1,000 ija mumatsala ndi 950.

39,000 kugawa ndi 950 zikupereka 41.05. Apa ambiri amataya kanambala ka kumapetoko n'kunena 41, pomwe matambula 41 abweretsa 38,950, ndipo 50 ikadali kunja. Palibe amagula chidutswa cha tambula, ndiye yankho likakhala ndi kotsalira, ngakhale kochepa bwanji, muzikwera pa nambala yotsatira. Yankho ndi 42.

Tsopano tsegulani katoni ndi kuwerenga. Mwapeza matambula awiri osweka ndi imodzi yobenthuka mlomo, yoti palibe angaigule. Ogulitsika ndi 45. Oswekawo sasintha nambala ya 42, chifukwa mpamba ndi womwewo ndipo mtengo ndi womwewo. Amadya ku matambula a phindu. Mukachotsa 42 pa 45 mwatsala ndi atatu okha. Ndalama zonse zolowa ndi 42,750, ndipo mukachotsa 39,000 phindu ndi 3,750. Njira yoyamba ija inalonjeza 12,000. N'chifukwa chake nambala ya mpamba payokha siuza zambiri, muziiika pambali pa nambala ya zinthu zogulitsika n'kuona mpata womwe uli pakati.

Mpata wa matambula atatu ndi wopyapyala kwambiri, ndipo chomwe chimautseka msanga ndi kutsitsa mtengo. Tinene kuti ogula akunenerera, ena mukuwapatsa awiri pa 1,800, mpaka tambula iliyonse ikupita pa 900. Kutsitsa 100 pa 1,000 kumaoneka kochepa. Koma m'manja mukutsala 850, ndipo 39,000 kugawa ndi 850 zikupereka 45.88, kutanthauza 46. Inu muli ndi 45. Ngakhale mutagulitsa katoni yonse mpaka tambula yomaliza, mupeza 38,250, mwaluza 750. Chopweteka n'chakuti malonda oterewa amaoneka ngati akuyenda bwino, katundu akutha msanga, ndalama zikulowa tsiku lililonse. Mumadzazindikira tsiku lokaodanso, ndalama zitaperewera pa katoni ina. Kuti mudziwe poimira, tembenuzani masamuwo: 39,000 kugawa ndi 45 ndi pafupifupi 867, kuonjezera 50 ya chokulungira ndi 917. Pansi pa 917 mukugulitsa moluza, ngakhale pepala la kooda likunena 750.

Njira yachitatu ndi yomwe imasokoneza anthu omwe anamvapo kuti mpamba umabwezedwa ndi phindu. Amagawa mtengo wa katoni ndi phindu la chinthu chimodzi: 36,000 kugawa ndi 250, n'kupeza 144. Katoni ya matambula 48 singafune kuti mugulitse 144, ndipo yankho likaposa katundu yemwe muli naye katatu konse, dziwani kuti pena palakwika. Cholakwika chake n'kuwerenga mtengo woodera kawiri. Pochotsa 750 pa 1,000 mwabweza kale ndalama ya tambulayo, ndiye simungafunenso kuti 250 yotsalayo ibweze 750 yomweyo.

Komabe kugawa ndi phindu kuli ndi malo ake, bola pamwamba pakhale ndalama zomwe si za katundu. Tengani 3,000 ya thiransipoti ndi wonyamula, mugawe ndi phindu la tambula imodzi mutachotsa chokulungira, lomwe ndi 200. Yankho ndi 15. Nambala iyi ndi yoona kwa munthu amene watenga katundu pa mgwirizano woti azilipira zokhazo zomwe zagulidwa, zotsala n'kubweza kwa mwini wake. Iyeyo akagulitsa 15 wabweza zonse zomwe zinatuluka m'thumba mwake, bola ngati osweka aja sakumulipiritsa. Kwa amene analipiriratu katoni yonse, matambula 15 amubweretsera 14,250 basi pa 39,000, ndipo ndalama zotsalazo zikadali magalasi pa shelefu. Njira imeneyi ndiyonso yowerengera lendi ya malo kapena malipiro a wantchito pa mwezi, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kwa munthu woti walipira katoni ndi ndalama zake, njira yachiwiri ndiyo yodalirika, ndipo ndi yomweyo yomwe imathandiza posankha pakati pa katoni yaing'ono ndi yaikulu. Ikani pambali pa katoni yathu ija ina ya matambula 96 pa 67,200, kutanthauza 700 imodzi. Mayendedwe ake akhale 4,000, chifukwa thiransipoti kawirikawiri siikwera kawiri katundu akachuluka kawiri. Mpamba ndi 71,200, ndipo kugawa ndi 950 zikupereka 75. Ngati osweka ndi 6, ogulitsika ndi 90, mpata ndi 15. Kuyerekeza ndi atatu aja, katoni yaikulu yapambana ndithu, ndipo imapirira ngakhale mtengo utatsika kufika pa 900, poti pamenepo imafuna 84.

Mtengo wa kupambanako ndi nthawi. Ngati mumagulitsa matambula 6 pa tsiku, katoni yaing'ono ibweza mpamba pa tsiku la 7, yaikulu pa tsiku la 13, ndipo masiku onsewo 71,200 yamangika pa katundu mmodzi. Kwa magalasi zimenezi n'zopiririka, chifukwa saola. Katundu wokhala ndi tsiku lothera ntchito ndi wina: pamenepo "zogulitsika" ndi zokhazo zomwe mungagulitse tsikulo lisanakwane, kaya m'katoni mwatsala zingati.

Powerenga kuti mwafika pati, muziwerenga matambula olipiridwa okha. Tambula yomwe yapita pa ngongole yachoka pa shelefu koma sinalowe m'thumba, ndiye mukaona kuti m'katoni mwatsala atatu pomwe asanu anatengedwa pa ngongole, muli pa 37, osati 42.