Kutola manambala ndi matchati mu vidiyo ya msonkhano wa kampani: dzanja, ffmpeg kapena mawu olembedwa?

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa vidiyo ya ola limodzi. Ndi msonkhano umene mkulu wa zachuma wa kampani ina ankafotokoza mmene chaka chayendera, ndipo anaujambula pa Zoom. Abwana akufuna zinthu zochepa chabe: ndalama zimene kampaniyo inapeza, phindu, ngongole, komanso tchati chosonyeza malonda a zaka zisanu. Njira zimene anthu amakangana nazo pa ntchito yotereyi ndi zitatu. Ena amaimitsa vidiyo n'kumajambula masilaidi pamanja, ena amasiyira ffmpeg, pulogalamu yotola zithunzi mu vidiyo, ndi Tesseract, yowerenga zilembo pa zithunzi, ndipo ena sayang'ana n'komwe zithunzi, amangowerenga mawu a wolankhula atasandutsidwa zolemba.

Musanasankhe iliyonse, funsani kaye ngati masilaidi enieniwo alipo. Makampani amene ali pa msika wa masheya, kuphatikizapo a pa Malawi Stock Exchange, amasindikiza zotsatira zawo za chaka, ndipo makampani akuluakulu ambiri amaika PDF ya masilaidi pa tsamba lawo. Ikapezeka, mkangano wonsewu watha, chifukwa palibe chithunzi chochokera mu vidiyo chimene chingapose chikalata chenichenicho. Zotsatirazi ndi za nthawi imene muli ndi vidiyo yokha basi.

Njira ya dzanja imaoneka yachikale koma pa vidiyo imodzi ndi imene ndimaikira kumbuyo. Mu VLC, pulogalamu yoonera mavidiyo, pa Windows, mukaimitsa vidiyo n'kudina Shift+S, pulogalamuyo imasunga chithunzi pa kukula kwenikweni kwa vidiyoyo, osati kukula kwa windo limene mukuonera. Batani la E limakusunthani chithunzi chimodzichimodzi kupita kutsogolo. Pa YouTube, vidiyo ikaimitsidwa, mabatani a `,` ndi `.` amachita zomwezo kumbuyo ndi kutsogolo. Chimene chimapangitsa njirayi kukhala yabwino ndi chakuti inuyo mumasankha nthawi yojambula. Silaidi ikangosintha, kawirikawiri zilembo zimakhala zosaoneka bwino kwa kanthawi, chifukwa vidiyo yopanikizidwa imayamba ndi chithunzi chambuu kenako n'kumachiyeretsa. Munthu amaona zimenezi n'kudikira masekondi awiri kapena atatu. Amadikiranso kuti mizere yonse ya tebulo ituluke ngati wolankhulayo amaitulutsa umodziumodzi. Kuipa kwake n'kodziwikiratu: muyenera kuonera. Ngakhale muthamangitse vidiyo kawiri, theka la ola lapita, ndipo mavidiyo akakhala khumi mudzatopa n'kuyamba kudumpha masilaidi.

Apa ndi pamene ffmpeg imalowera. Vidiyo ya ola limodzi yokhala ndi zithunzi 30 pa sekondi ili ndi zithunzi 108,000, pamene masilaidi ake mwina sapitirira makumi atatu. Ntchito yonse ndi yosefa. Pali masefedwe awiri, ndipo sapereka zofanana. Oyamba ndi kutola chithunzi chimodzi pa masekondi khumi aliwonse:

```
ffmpeg -i msonkhano.mp4 -vf fps=1/10 chithunzi_%03d.png
```

Mupeza zithunzi pafupifupi 360, zambiri zobwerezabwereza, koma ubwino wake ndi woti nambala ya fayilo imakuuzani malo ake mu vidiyo. Chithunzi cha 150 chili chapafupi ndi mphindi ya 25. Achiwiri ndi kuuza ffmpeg kuti izitola pokhapokha chithunzi chikasintha kwambiri:

```
ffmpeg -i msonkhano.mp4 -vf "select='gt(scene,0.1)'" -fps_mode vfr silaidi_%03d.png
```

Nambala ya `scene` imayambira pa 0 kufika pa 1. Malangizo ambiri amatchula 0.3 kapena 0.4, koma amenewo ndi a mafilimu, momwe chithunzi chonse chimasinthiratu. Masilaidi a kampani amakhala ndi maziko oyera omwewo ndi chizindikiro chomwecho pakona, chosintha n'zilembo zochepa chabe, motero pa 0.4 ambiri amadutsa osagwidwa. Mukatsitsa kwambiri, kabokosi ka nkhope ya wolankhula kakangogwedezeka ffmpeg imayesa silaidi yatsopano, pokhapokha mutayamba mwadula mbali imeneyo ndi `crop`. Choipa kwambiri n'chakuti njirayi imatola chithunzi choyambirira chenicheni pambuyo pa kusinthako, chambuu chija chimene munthu akanachidumpha. Pa chifukwa chimenechi ine ndimakonda masefedwe oyamba ngakhale ndi osakongola. Kufufuta zithunzi zobwereza n'kosavuta kusiyana ndi kufunafuna silaidi imene simukudziwa kuti inasowa.

Zithunzi zikapezeka, amene asankha makina amazipereka kwa Tesseract kuti iwerenge zilembo:

```
tesseract chithunzi_150.png stdout --psm 6
```

Pa mitu ya masilaidi ndi manambala akuluakulu imachita bwino. Pa tebulo la zachuma, pamene pagona ntchito yonse, m'pamene imapunthwa. Tesseract inapangidwira mapepala osikanidwa bwino, pamene nambala ya mu tebulo pa vidiyo ya 720p ikhoza kukhala yotalika mapikiselo khumi okha, timadontho timene timapanga chithunzi. Kukulitsa chithunzi kawiri kapena katatu musanachipereke kumathandiza ndithu, koma sikubwezera zimene vidiyo inataya kale. Zolakwa zake ndi za mtundu wodziwika. 8 amasanduka 3 kapena 6, chizindikiro cha `,` chimasanduka kadontho, ndipo mabulaketi amatha kusowa. Chomalizachi n'choopsa, chifukwa akauntanti akalemba (4,210) akutanthauza kuti nambalayo ndi yochotsera, mwina kampani inaluza. Mabulaketi akasowa, kuluza kwasanduka phindu popanda chokuchenjezani. Palinso kamzere kakang'ono pamwamba pa tebulo kolembedwa K'000 kapena K'million, kamene ndi kaching'ono kuposa zonse pa silaidi koma ndi kamene kamanena ngati 4,210 ndi mamiliyoni anayi kapena mabiliyoni anayi.

Amene safuna kulemba malamulo ali ndi Google Lens komanso Data from Picture ya mu Excel ya Microsoft 365. Ya Excel ili ndi mwayi wakuti imaika manambala m'mabokosi ake ndipo imakuonetsani pamene ikukayikira kuti mukonze. Zonse ziwirizi zimatumiza chithunzi pa intaneti, choncho ngati msonkhanowo unali wa bodi kapena wamkati mwa kampani, ganizirani kaye. Tesseract imagwirira ntchito pa kompyuta panu pomwepo.

Njira yachitatu, ya mawu olembedwa, ndi yachangu kuposa zonse ndipo ndi yosadalirika kuposa zonse pa manambala. YouTube ili ndi Show transcript, Zoom ndi Teams nazonso zimatha kulemba zolankhulidwa ngati wokonza msonkhano anatsegula mbali imeneyo. Vuto loyamba ndi la khutu la makina: m'Chingerezi 15 ndi 50 zimamveka mofanana kwambiri, miliyoni ndi biliyoni chimodzimodzi, ndipo mayina a makampani akwathu amatuluka atapindika. Vuto lachiwiri ndi la wolankhulayo. Silaidi ikalemba 118.6, iye anena kuti pafupifupi 120, ndipo tchati akangochilozera n'kunena kuti monga mukuonera apa, zolembazo zilibe chilichonse chokupatsani. Koma musaitaye njirayi. Ndi imene imakuuzani mphindi imene anayamba kukamba za ngongole, kuti mulumphire pomwepo. Ndiponso pa nthawi ya mafunso, manambala ena amatuluka pakamwa pokha osaoneka pa silaidi iliyonse, ndipo amenewo muyenera kuwamvetsera ndi khutu lanu kawiri musanawalembe.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongopeka. Tesseract yakupatsani kuti chaka chino kampani inapeza 113.6 biliyoni, chaka chatha 96.4 biliyoni, ndipo pambali palembedwa kuti ndalama zakwera ndi 23%. Gawani 113.6 ndi 96.4, mupeza kukwera kwa pafupifupi 18%. Sizikugwirizana, ndiye kuti penapake pali bodza. Chulukitsani 96.4 ndi 1.23, mupeza 118.6. Apa zaonekeratu kuti 8 anawerengedwa ngati 3. Mukabwerera ku zolemba za mawu n'kupeza kuti mkuluyo anati pafupifupi 120, nkhani yatsimikizika. Matebulo a zachuma ali ndi khalidwe labwino limeneli loti amadzifufuza okha: mizere iyenera kuphatikizana n'kupereka chiwonkhetso cha pansi, ndipo maperesenti ayenera kuchokera mu manambala ali pambali pake. Mukasiya sitepe imeneyi, zilibe kanthu kuti munatola ndi dzanja kapena ndi makina, chifukwa diso la munthu nalonso limasokoneza 8 ndi 3 pa chithunzi chambuu.

Tchati ndi nkhani ina. Ngati mizati yake ili ndi manambala pamwamba, koperani manambalawo, musavutike ndi zina. Ngati ilibe, pali kuyerekeza ndi maso kapena WebPlotDigitizer. Mu pulogalamuyi mumaika chithunzi, n'kudina malo awiri odziwika pa mzere woimirira, monga 0 ndi 200, n'kulemba manambala ake. Pa tchati cha mizere mumachitanso chimodzimodzi pa mzere wopingasa. Kenako mumadina nsonga ya mzati uliwonse, ndipo imakupatsani manambala amene mungasunge ngati CSV. Imaposa maso kutali, koma malire ake muwadziwe. Ngati mtunda wa 0 mpaka 200 biliyoni watenga mapikiselo 400 pa vidiyo ya 720p, pikiselo imodzi ikuimira theka la biliyoni, ndipo dzanja likaphonya ndi mapikiselo awiri mwasiyana ndi biliyoni yathunthu. Vidiyo yomweyo pa 360p, pikiselo imodzi ndi biliyoni. N'chifukwa chake kupulumutsa bandulo potsitsa vidiyo yaing'ono kumadzakulipiritsani pambuyo pake. Ndi bwino kutsitsa kamodzi pa 720p kapena 1080p n'kumagwirira ntchito pa kompyuta. Pulogalamuyo ikakupatsani 87.3419, lembani kuti pafupifupi 87, ndipo nenani kuti mwachita kuyeza pa tchati.

Yang'ananinso pamene mzere woimirira ukuyambira. Makampani ena amayambira pa 80 m'malo mwa 0 kuti kukwera kuoneke kwakukulu. WebPlotDigitizer sinamizidwa nazo bola mwalemba manambala oona a malo awiri aja, koma woyerekeza ndi maso amagwa nazo. Ngati vidiyoyo inajambulidwa ndi foni muholo, chinsalu chikuoneka mopendekeka, kuyezako kumasokonekera chifukwa mbali imodzi imakula kuposa inzake, ndipo muyenera kuwongola kaye chithunzicho.

Pa vidiyo imodzi imene mukufunamo manambala ochepa, tsegulani zolemba za mawu kuti mupeze mphindi zake, jambulani pamanja mu VLC, lembani manambalawo nokha. Kukonza ffmpeg ndi Tesseract kungakutengereni nthawi yoposa imeneyo. Mavidiyo akachuluka, mwachitsanzo misonkhano ya zaka zingapo ya makampani angapo, ffmpeg imayamba kubweza thukuta lanu, ndipo Tesseract muziigwiritsa ntchito pofufuza silaidi imene ili ndi mawu amene mukufuna, osati ngati gwero la nambala yokapereka kwa abwana. Pa nambala iliyonse imene mwalemba mu Excel, ikani pambali pake mphindi ya mu vidiyo ndi dzina la fayilo ya chithunzi, kuti wina akadzatsutsa mudzangotsegula pa 24:50 n'kumuonetsa.